Adiveti ikati digiri, zaka zanu za ku filudi sizilowa m'malo mwake

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi MSCE komanso dipuloma ya zachitukuko cha m'madera yomwe ndinamaliza 2022. Ndagwira ndi mabungwe kwa Makanjira ndi ku Namwera zaka 6 kuyambira 2018, chaka choyamba ndinali volontiya. Pano ndaona maadiveti awiri, ya boma ikufuna digiri, ya bungwe akuti digiri ndi zaka 2 kapena dipuloma ndi zaka 5. Siivi yanga ingapikisane? Nanga ndani amalemba bwino masiivi pa Mangochi pano, ndipo malipiro ake amakhala bwanji?"

Achemwali, za malipirozo ena akuuzani, ine ndiyankha za shotilisiti poti ndinakhalako pa tebulo losankhira makalata ku bungwe lina konkuno ku Mangochi boma. Ndipo awa akukuuzani kuti "ingoponyani zonse, mwayi sudziwika" ndikuona ngati sanaonepo momwe makalata aja amasankhidwira. Amakhala mulu, ena m'makatoni, ena mu imelo, ndipo munthu amene amayamba kuwatsegula sakhala bwana wa pulojekiti amene angamvetse kuti kugwira ntchito kwa Makanjira nthawi ya mvula ndi nkhani. Amakhala munthu wa ku ofesi yolemba ntchito, ali ndi fomu ya mabokosi yotengedwa pa adiveti pompaja, digiri ilipo kapena palibe, zaka zakwana kapena ayi, makope aikamo kapena ayi. Ali ngati mlonda wa pa geti, wauzidwa kuti wopanda chiphaso asalowe, ndiye olo mufotokoze bwanji iye alibe mphamvu yokutsegulirani. Bokosi loyamba likangokhala lopanda kanthu, tsamba lanu lachiwiri lija munalembapo za magulu a banki m'khonde ndi makomiti a m'midzi palibe aliwerenge.

Ya bomayo ndiye ndikuuzeni mosapsatira, isiyeni. Ku boma pepala la sukulu limamangirirana ndi giredi ya mpandowo, wa dipuloma kawirikawiri amalowera pa giredi K, wa digiri pa giredi I, ndipo makomishoni olemba ntchito, kaya ndi ya ogwira ntchito m'boma, ya zaumoyo, ya aphunzitsi kapena ya makhonsolo, sangakuikeni pa mpando wa digiri muli ndi dipuloma chifukwa mawa lino odita akabwera afunsa kuti munthuyu analowa bwanji. Zaka zanu zikhale 6 kaya 15 sizisintha kanthu pamenepo. Dikirani ikatuluka ya giredi K ya mbali yanuyo, pamenepo ndiye zaka za ku filudi zidzakuthandizani pa intavyu chifukwa ambiri opikisana nawo adzakhala ongochoka kumene ku koleji.

Ya bungweyo ndi imene muyenera kukhalira pansi. Tengani pepala, mulembe mzere pakati, kumanzere mukopere mzere uliwonse wa zofunikira za pa adiveti momwe alembera osafupikitsa, kumanja mulembe pepala lenileni lomwe muli nalo m'manja loikira umboni. Osati zomwe mumadziwa kuchita ayi, pepala. Pomwe kumanja mwasowa cholemba ndi pomwe wosankha uja adzasowenso chochonga.

Tiyambe ndi zaka zija, chifukwa apa ndi pomwe ndikuona kuti mutha kugwa. Bwererani ku adiveti mukaone ngati pafupi ndi zaka 5 pali mawu oti "post-qualification". Ngati alipo ndiye kuti akuwerenga kuyambira pomwe munalandira dipuloma, kutanthauza 2022, ndipo zaka zanu za 2018 mpaka 2022 zonse zija sizikuwerengedwa, mwatsala ndi ziwiri basi, simukukwana. Ngati mawuwo palibe, angoti "relevant experience", ndiye muli mkati koma mothinana, chifukwa chaka cha uvolontiya ena amachiwerenga ena sachiwerenga, ndiye tiyerekeze achichotsa, mwatsala ndi 5 ndendende. Tsono ntchito za mabungwe tonse tikudziwa kuti ndi za makontirakiti, pulojekiti ikatha mumakhala pakhomo miyezi ingapo kudikira ina. Wosankha wakhama amawerenga miyezi, zaka 5 ndi miyezi 60, ndipo ngati pakati pa Makanjira ndi Namwera munakhala miyezi 7 osagwira ndiye muli pa 53. Muwerengeretu nokha, ndipo pa siivi lembani mwezi ndi chaka pa ntchito iliyonse, osangoti 2019 mpaka 2021, chifukwa munthu akaona zaka zokhazokha amaganiza kuti pali chomwe mukubisa. Mukapeza kuti mukupelewera pang'ono popanda uvolontiya uja, ulembeni bwinobwino ngati ntchito, dzina la udindo, zomwe munkachita, ndi kalata yochokera komwe munkagwirako, koma mawu oti volontiya akhalepo, osawachotsa, amaimba foni kufunsa.

Kenako dipuloma yanuyo. Mzere wa sukulu pa adiveti umaoneka umodzi koma muli mafunso atatu. Loyamba ndi mlingo, satifiketi, dipuloma kapena digiri, ndipo adivansi dipuloma si digiri olo aphunzitsi anu anakuuzani kuti ndi zofanana. Lachiwiri ndi phunziro lake, ngati alemba mayina a maphunziro nkuwonjezera kuti "or related field" zachitukuko cha m'madera zimalowa bwinobwino pa ntchito za ku filudi, koma ngati atchula phunziro limodzi lokha, tinene za ulimi kapena za usodzi, akufuna munthu wa ku koleji ya zaulimi ya NRC kapena ya zausodzi ya ku Mpwepwe, inu simulowapo. Lachitatu ndi lomwe anthu amalinyozera, mawu aja oti "accredited institution". Simunatiuze kuti dipulomayo munaitenga kuti. Bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limatulutsa mndandanda wa masukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka, ndipo muonetsetse pulogalamu yanu yeniyeniyo, chifukwa koleji itha kukhala yolembetsedwa koma kosi yomwe inu munapanga siili pa mndandanda. Ngati mayeso ake anali a bodi ya kunja ngati ABE, ICM kapena ABMA, pitani nayo ku NCHE akaiunike akupatseni kalata yonena kuti ikufanana ndi mlingo uti wa kuno, pamakhala kolipira ndipo sizituluka tsiku lomwelo, ndiye osadikira tsiku lotsekera.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa cha msuweni wanga. Anakhoza shotilisiti pa bungwe lina, intavyu anaiphwanya, anamuimbira kuti abwere ndi mapepala enieni adzasaine, mpaka nyumba anali atayamba kufunsa. Atafika anaona kuti iye ali ndi kalata chabe ya ku koleji yonena kuti wamaliza, satifiketi yeniyeni inali isanatuluke, ndipo atafufuza kosiyo sinali pa mndandanda wa zovomerezeka. Anamuuza mwaulemu kuti dona, wopereka ndalama za pulojekiti, salola, mpando anapatsa amene anali nambala 2. Thiransipoti yopita ku Lilongwe ndi kubwerera, malo ogona, zonse zinapita m'madzi, ndipo munthu anadwala nazo maganizo. Mabungwe akuluakulu omwe ndalama zawo zimaunikidwa ndi odita wa dona amakhwimitsa chimodzimodzi boma, timabungwe ting'onoting'ono ndi tomwe nthawi zina timatha kunena kuti munthuyu timamudziwa ntchito yake, tiyeni timuitane. Ndiye onaninso kuti adivetiyo ndi ya bungwe la mtundu wanji.

MSCE nayonso muiyang'ane ngati aitchula. Akati kirediti mu Chingerezi ndi masamu akutanthauza 1 mpaka 6, mukakhala ndi 7 kapena 8 imeneyo ndi pasi chabe, ndipo ndaonapo anthu a dipuloma akutsala chifukwa cha 7 wa masamu. Ngati munalembanso kuti mukonze, ikani mapepala onse a MANEB awiriwo. Dzinanso lifanane paliponse, kuno ambiri pa MSCE pali dzina la abambo, pa chiphaso cha unzika pali la agogo kapena la amuna awo, pena Saidi pena Sayidi, ndiye wosankha amangoona ngati anthu awiri. Zikasiyana kapangitseni kalata yolumbira kwa majisitireti kapena kwa loya muiphatikize.

Zomwe alemba kuti "added advantage" zisakuopseni, izo sizichotsa munthu, zimangosiyanitsa anthu omwe adutsa kale pa geti. Koma ngati muli nazo zionekere pamwamba. Chiyao ngati mumayankhula lembani, ntchito za kwa Makanjira, Katuli, Namwera uko munthu wosamva Chiyao amavutika pa msonkhano wa kwa mfumu ndipo mabwana amadziwa zimenezo. Layisensi ya njinga yamoto ndiye samalani, maadiveti ena amaiika pa zongowonjezera, ena amaiika pa zokakamiza ndi mawu oti "must", ndipo kudziwa kukwera si layisensi, ambiri a ku filudi akhala akuyendetsa njinga za pulojekiti zaka popanda pepala, tsiku la adiveti nkumadandaula.

Za olemba masiiviwo sindikutchulirani munthu. Anyamata a m'mashopu a fotokopi amakulemberani, koma amakhala ndi fomu imodzi yomwe amangosintha dzina, ndiye masiivi khumi amafika ofanana mpaka mawu oyamba aja odzitama kuti ndine wolimbikira ntchito. Lembani nokha pamanja potsata pepala lanu la mizere iwiri lija, iwo angokutayipirani. Maphunziro akhale tsamba loyamba, dzina la dipuloma momwe lalembedwera pa satifiketi, koleji, chaka, chifukwa ndi zomwe maso a wosankha amayamba kufuna. Masamba awiri kapena atatu akwana. Ngati akuti makope akhale otsimikizidwa, kadinditseni kwa amene ali ndi mphamvu yolumbiritsa, fotokopi wamba amaiona ngati palibe, ndipo mapepala enieni musatumize, sabwerera. Mukatumiza pa imelo asikanireni zonse mu PDF imodzi, osati zithunzi za pa foni khumi ndi ziwiri zopendekeka, ndipo pa mutu wa imelo mukopere dzina la ntchito ndi nambala yake momwe zilili pa adiveti.

China, mukangoponya kalata mutha kulandira foni ya munthu woti ali ku ofesi yolemba ntchito, dzina lanu waliona koma pakupelewera pang'ono, mutumize K50,000 pa Airtel Money kapena Mpamba alilowetse pa mndandanda. Ndi mbava zimenezo, ndipo zimakonda anthu omwe akudziwa okha kuti mapepala awo sakukwana. Maliferi anu, anthu omwe mumawalemba pa siivi kuti akuikireni umboni, muwaimbirenso sabata ino muone ngati manambala akugwirabe, mabwana a mapulojekiti amasamuka pulojekiti ikatha, wa ku Namwera uja mwina pano ali ku Karonga ndi layini ina.