Mwayi uliwonse umene mukuwapatsa ukhale ndi chiwerengero chake

"Ndimapanga uchi wa m'mabotolo ku Lilongwe, ndipo ndikufuna kulembera kampani ina yomwe ili ndi magalimoto kuti izindigulitsira m'masitolo a m'maboma ena. Kodi ndilembemo chiyani kuti aone kuti tonse tipindula?"

Amayi, musanalembe chiganizo chowalonjeza kuti iwo okha ndiwo azigulitsa katundu wanu m'chigawo chonse, imvani zimene zinandionekera ine ndi chiponde changa. M'chaka cha 2023 ndinalembera kampani ina yopikulitsa katundu, yomwe malole ake amafika ku Mzuzu mpaka ku Karonga. Mbali ya phindu lawo ndinalembamo kuti chigawo cha kumpoto ndi chawo chokha, kuti azitenga katundu pa ngongole ya masiku 30, komanso kuti chilichonse chosagulidwa ndidzachilandiranso. Mbali yanga panali mawu okoma akuti msika wanga udzakula. Iwo anasaina mosachedwa, chifukwa m'pepala lonselo munalibe chiwerengero cha makatoni amene ankayenera kutenga pa mwezi.

Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mabotolo ndi zomata zinakwera mtengo, koma iwo anali asanalipire katundu amene anatenga pa mtengo wakale. Nditapita ku nyumba yawo yosungiramo katundu, anandikhazika pabenchi ya alonda kuyambira m'mawa mpaka masana, akuti abwana ali pa msonkhano. Mnyamata wina wonyamula katundu ndiye anandimvera chisoni n'kundilowetsa mkati. Makatoni anga anali pakona, pansi pa matumba a mchere, ena ataphwanyika, mafuta a chiponde atatulukira m'zivindikiro n'kunyowetsa zomata, tsiku lotha ntchito litayandikira. Pafupi ndi khomo, pamalo pamene malole amapakira, panali chiponde cha kampani ina chimene ankapindula nacho kwambiri. Abwanawo atatuluka anandiuza, akuyang'ana pa foni, kuti katundu wanga sakuyenda ndipo ndibwere ndi galimoto yanga ndidzamutenge, monga ndinalonjezera m'kalata. Anthu amenewa sankafuna kugulitsa chiponde changa ayi. Ankafuna kuti chisaoneke m'masitolo a kumpoto, ndipo pamene wogulitsa wina wa ku Mzuzu anandipempha katundu ndinamukaniza poopa kuphwanya mgwirizano umene iwo ankaupondereza poyera.

Tsono m'kalata yanu phindu lawo mulisonyeze ndi masamu, pakuti wopikulitsa amaona ndalama imene katoni imasiya pa malo amene yatenga mu lole. Mwachitsanzo, ngati katoni ya mabotolo 12 mukuwapatsa pa K36,000 ndipo iwo akukagulitsa kwa eni masitolo pa K42,000, lembani kuti pa makatoni 100 pa mwezi apeza K600,000 asanachotse mafuta, popanda kuwonjezera ulendo chifukwa njirayo amayendamo kale. Mzere wotsatira unene kuti mwayi wogulitsa okha udalira makatoni 100 omwewo, ndipo akalephera miyezi iwiri yotsatizana muli ndi ufulu wopatsa wina deralo. Phindu lanunso mulilembe poyera, kuti mukufuna oda yodziwika mwezi uliwonse kuti muzigula uchi kwa alimi a njuchi pa nthawi yake, chifukwa kalata yongotamanda phindu la mbali imodzi imawauza kuti mwasowa kolowera.

Mulembenso kuti katundu akakwera lole yawo, kuphwanyika ndi kusungidwa moipa kuli pamutu pawo, kuti wobwezedwa akhale wokhawo amene ali ndi vuto lochokera kwa inu, ndiponso kuti mtengo udzaunikidwanso kwacha ikagwa kapena mabotolo akakwera. Pa uchi onjezerani kuti kuundana kwake nyengo yozizira si kuwonongeka, apo ayi adzakubwezerani makatoni abwinobwino. Phatikizani chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS ndi nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, chifukwa masitolo akuluakulu amazifunsa.

Ngakhale zili choncho, sindikukuuzani kuti mukane ngongole kapena mwayi wogulitsa okha, pakuti kampani yaikulu siwerenga n'komwe kalata ya munthu wamng'ono yopanda zimenezi, ndipo ine lero ndimaperekabe ngongole kwa amene amanditengera katundu. Apatseni boma limodzi kapena awiri kwa miyezi itatu yoyeserera, oda yachiwiri isatuluke yoyamba isanalipiridwe, ndipo muike m'mgwirizano kuti muli ndi ufulu wolowa m'nyumba yawo yosungiramo katundu kamodzi pa mwezi kukawerenga makatoni anu.