Mutu wa silaidi ukhale ndi mneni

Funso: "Ndine mlangizi wa za madzi ndi ukhondo. Ndakonza masilaidi a m'Chichewa oti ndikaonetse pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera lathu, pomwe padzakhalenso mafumu. Mitu yake ndi iyi: Zokhudza mijigo, Kuwonongeka kwa mijigo, Mavuto, Zoyenera kuchita. Abwana anga akuti mituyi sikunena kanthu, ndiilembenso ngati ziganizo. Kodi 'Kuwonongeka kwa mijigo' si chiganizo kale? Nanga ndikatalikitsa, zikwana bwanji pamwamba paja?"

Yankho: Mayi, abwana anu akunena zoona, ndipo mutu womwe mukuuikira kumbuyowo ndi womwe umapusitsa anthu ambiri. Mu "kuwonongeka" mukumveka ntchito, choncho khutu limaganiza kuti lamva mneni. Koma "ku-" wa kumayambiriroyo wasandutsa mawuwo kukhala dzina, n'chifukwa chake atenga "kwa" monga momwe "mwana" amatengera "wa". Mutu wonsewo ndi kapandamneni. Yesani kuunena mokweza kwa mnzanu, kenaka mukhale chete. Adzakufunsani kuti, "Kwatani kuwonongekako?" Yankho lomwe mungamupatse ndilo liyenera kukhala pamwamba pa silaidi.

Pali njira ina yoyesera yomwe ndimaikonda kuposa iyi. Funsani ngati munthu angathe kutsutsa mutu wanu. Palibe angaimirire mu msonkhano n'kunena kuti "Zokhudza mijigo" ndi bodza, chifukwa simunanene chilichonse. Koma mukalemba kuti "Mijigo yambiri m'dera lino yawonongeka", a gulupu akhoza kukweza dzanja n'kunena kuti kwawo yonse ikutulutsa madzi. Pamenepo ndiye kuti mutu wagwira ntchito, chifukwa anthu ayamba kukambirana mfundo yanu.

Tiyerekeze kuti mwayendera mijigo 40 ndipo mwapeza kuti 14 sikutulutsa madzi. Manambalawa ndangopeka kuti tione kamangidwe ka chiganizo, inu muikemo anu. Silaidi ya "Zokhudza mijigo" ikhoza kukhala "Mijigo 14 mwa 40 m'dera lino sikutulutsa madzi". Onani kuti ndachotsa mawu oti "yambiri" n'kuika nambala. Mawu monga "yambiri", "ingapo" ndi "kwambiri" amapatsa womvera aliyense nambala yakeyake m'mutu. Kwa anthu a pa msonkhano wa mtundu wanuwu, "14 mwa 40" imamveka msanga kuposa "35 peresenti", ngakhale ndi chinthu chimodzi.

Tsopano mukangoika mneni, Chichewa chimakukakamizani kusankha nthawi, ndipo apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Dzina loti "kuwonongeka" linkakubisani, silinkanena kuti zachitika liti. "Mijigo yawonongeka" ikutanthauza kuti zachitika ndipo mpaka lero ili chomwecho. "Mijigo ikuwonongeka" ikunena kuti vutoli lili mkati, mwezi wamawa nambala ikhoza kukwera. "Mijigo imawonongeka m'chilimwe" ikunena za chizolowezi cha chaka ndi chaka. Ziganizo zitatuzi zimafuna umboni wosiyana pansi pake. Choyamba chikufuna mndandanda wa midzi kapena mapu, chachiwiri chikufuna manambala a miyezi yotsatizana, chachitatu chikufuna zaka zingapo. Ngati mwayendera mijigoyo kamodzi kokha, umboni wanu ukukwanira chiganizo choyamba basi.

Chenjeraninso ndi aneni omwe tanthauzo lawo limadalira kakwezedwe ka mawu, chifukwa polemba sitisonyeza pokweza ndi potsitsa. "Komiti imatolera ndalama" ikhoza kuwerengedwa kuti imatero nthawi zonse, kapena kuti inali kutero m'mbuyomu. Polankhula mumasiyanitsa ndi liwu lanu, koma mutu wa silaidi anthu amauwerenga chamumtima inu musanatsegule pakamwa. Ngati mukunena za kale, lembani "inkatolera". Ngati n'za masiku onse, onjezerani "mwezi uliwonse". Chimodzimodzi "Sitinakonze mijigo": kodi sitidaikonze chaka chatha, kapena mpaka pano tikadali kudikira? Kaphatikizo kakang'ono ka "-be" kamathetsa mkangano: "Sitinakonzebe mijigo 14".

Poti mwatchula mafumu, ndikhalitse pang'ono pa kusiyana kwa "yawonongeka" ndi "yawonongedwa". Woyambayo sakuloza chala munthu, chinthu changotha kapena changofa. Wachiwiriyo akunena kuti pali wina amene wachita, ngakhale simunamutchule. Mukalemba "Mijigo yawonongedwa" pamaso pa mafumu, msonkhano ukhoza kutha ndi kufufuzana kuti wowononga ndani, pomwe inu mumangofuna kunena kuti timalabala ta m'kati mwa mpope tatha. Pa mijigo ya Afridev, yomwe ndi yofala m'midzi ya ku Malawi, tizipangizo totere timatha ndi ntchito ndipo timafunika kusinthidwa nthawi ndi nthawi, popanda wolakwa. Koma ngati anthu anabadi zitsulo, musabise ndi "-ka". Lembani "yabedwa zipangizo", chifukwa njira yothetsera umbava si yofanana ndi yothetsera kutha kwa labala.

Silaidi ya "Mavuto" ndiyo yovuta kuposa zonse, ndipo vuto lake si la galamala. Kawirikawiri pansi pa mutu umenewu pamakhala mizere isanu ndi umodzi kapena kuposa: kusowa kwa ndalama, kutalika kwa kogula zipangizo, makomiti osaphunzitsidwa, ndi zina. Mukayesa kulemba chiganizo chimodzi chonyamula zonsezi, chimatuluka chonga "Pali mavuto osiyanasiyana okhudza mijigo". M'menemo mneni alimo, koma simunasunthe ngakhale phazi limodzi kuchokera pa mutu wakale uja. Aneni monga "pali", "ilipo" ndi "akukhudza" amakwaniritsa lamulo la chiganizo popanda kunena mfundo. Chofunika ndi kusankha. Ngati pa mijigo 14 ija, 10 ili ndi makomiti omwe alibe thumba la ndalama zokonzera, mutu ndi umenewo: "Mijigo 10 mwa 14 yakufa ili ndi makomiti opanda thumba lokonzera". Mavuto enawo apite pa silaidi yawoyawo ngati ali ndi umboni, kapena mungowatchula pakamwa. Chiganizo chikakana kutuluka popanda "komanso" awiri kapena atatu, dziwani kuti muli ndi masilaidi awiri omwe mwawapanikiza pamodzi.

"Ndi" naye ali ndi msampha wake. Mu "Vuto lalikulu ndi ndalama", "ndi" akugwira ntchito ya mneni ndipo chiganizo chakwana. Mu "Mijigo ndi matenda otsegula m'mimba" mwina mukufuna mlumikizi, koma wowerenga mothamanga akhoza kumva kuti mijigoyo ndiyo matenda. Mneni weniweni amachotsa chikaiko: "Matenda otsegula m'mimba achuluka m'midzi yomwe mijigo yafa", bola manambala a kuchipatala akhale akunenadi zimenezo.

Pa "Zoyenera kuchita", funso ndi loti achite ndani, ndipo mumuuza mwa njira yanji. "Tolerani ndalama" ndi lamulo, silikhala bwino kuchokera kwa mlangizi kupita kwa eni nthaka. "Ndalama zitoleredwe" n'chaulemu koma chasiya ntchito m'malere, aliyense apita kwawo akuganiza kuti wotolera ndi wina. Ine ndingasankhe mneni wothera ndi "-e" wokhala ndi mwininkhani wake: "Komiti iliyonse itsegule thumba lokonzera mjigo mvula isanayambe". Wochita akudziwika, ntchito ikudziwika, nthawi yatchulidwa, ndipo palibe wanyozedwa. Pomwe ntchito ili ya nonse, "titsegule" amakokera aliyense mkati, kuphatikizapo inu.

Za malo. N'zoona kuti mawu athu ndi aatali, popeza mneni mmodzi amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani pamodzi. Komatu kunyamula komweko kumatipulumutsa, chifukwa "sitinaikonzebe" ndi chiganizo chathunthu m'liwu limodzi. Chimene chimapanikiza anthu ndi kukula kwa zilembo. PowerPoint nthawi zambiri imayamba ndi zilembo za mutu za saizi 44, zomwe zimayenera mutu wa mawu awiri kapena atatu. Michael Alley wa pa yunivesite ya Penn State ku America, yemwe wakhala akuphunzitsa mainjiniya ndi asayansi kalembedwe ka mitu ya ziganizo kameneka, amalangiza saizi 28, mizere isapitirire iwiri, ndipo mutu uyambire kumanzere. M'Chichewa zimenezi zimalola mawu pafupifupi asanu ndi atatu kufika khumi. Kuti mukwanitse, dulani zoyambira zaulemu zomwe n'zoyenera pakamwa: "Monga tikudziwa kale", "Zotsatira za kafukufuku wathu zikuonetsa kuti". Chilembo chachikulu chikhale poyamba ndi pa mayina a malo ndi anthu basi. Mpumiro kumapeto mukhoza kuika kapena kusiya, bola masilaidi onse afanane.

Chiganizo chathunthu chikhozanso kusokeretsa, ndipo chimasokeretsa kwambiri kuposa mutu wopanda kanthu chifukwa anthu amachikhulupirira. Mu Januwale 2003, chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chili m'mwamba, mainjiniya a kampani ya Boeing anaonetsa akuluakulu a NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a m'mlengalenga, silaidi yokhudza chidutswa chomwe chinathothoka pa thanki n'kumenya phiko ponyamuka. Mutu wake unali chiganizo, ndipo unkamveka wokhazika mtima pansi. Mfundo yoopsa inali m'munsi mwa silaidi m'tizilembo tating'ono: chidutswacho chinali chachikulu kuwirikiza ka 640 poyerekeza ndi zomwe anayeserapo kale. Pa 1 Febuluwale chombocho chinasweka pobwerera, anthu asanu ndi awiri onse anafa. Edward Tufte, katswiri wa kaonetsedwe ka manambala, anaiunika silaidiyo mzere ndi mzere, ndipo bungwe lofufuza ngoziyo linaika mfundo zake mu lipoti lake. Choncho mukamaliza kulemba mutu, werengani silaidi yonse mpaka pansi. Ngati pali mzere womwe ukufooketsa kapena kutsutsa mutu, mzere umenewo ukwere pamwamba.

Pomaliza tsegulani View, musankhe Outline View, muwerenge mitu yokhayokha motsatizana. Yanu iyenera kumveka chonchi: mijigo 14 mwa 40 sikutulutsa madzi, 10 mwa imeneyi ili ndi makomiti opanda thumba lokonzera, komiti iliyonse itsegule thumba mvula isanayambe. Mudzaona kuti "Zokhudza mijigo" ndi "Kuwonongeka kwa mijigo" zinali kunena chinthu chimodzi, choncho masilaidi anu anayi atsala atatu. Silaidi yoyamba yokhala ndi dzina la msonkhano, tsiku ndi dzina lanu isiyeni momwe ilili, chifukwa pamenepo palibe mfundo yoti itsimikizidwe.