Magazi sachepa tsiku limodzi: yankho kwa achemwali

Achemwali anafunsa pa gulu la banja: "Chaka chatha anandiyeza nkunena kuti magazi ali bwinobwino, Hb 12.4. Lero akuti 9.8, magazi achepa. Sindinavulale, sindinadwale. Zatheka bwanji? Nanga manambala enawa, feritini 8, ayironi 35, TIBC 440, TSAT 8%, akutanthauza chiyani? Iwe wa ku labu tatiuza."

Eya, achemwali, ndaliona pepala lanu lija. Ndingolankhula, chifukwa kulemba zonsezi chala chingatope. Choyamba mtima pansi, ndi zochizika izi. Koma ndikuuzeni mosabisa: vutoli silinayambe chaka chino. Tsiku lomwe ankakuuzani kuti 12.4 lija, n'kutheka ndithu kuti ayironi anali atayamba kale kutha, kungoti chimene anayezacho sichikanaonetsa.

Ndiyambe ndi momwe thupi limasungira ayironi. Munthu wamkulu ali ndi ayironi wokwana magalamu 3 kapena 4 basi thupi lonse. Wambiri mwa ameneyu ali m'maselo ofiira a magazi, mu himogulobini, Hb imene mumaimva ija, yomwe imanyamula mpweya. Wina amakhala wosungidwa, makamaka m'chiwindi ndi m'mafupa. Mwamuna amasunga pafupifupi mamiligalamu 1,000, koma ife amayi amene tikadapita kumwezi timasunga ochepa, mwina 300, ena osafikanso pamenepo. Taganizani za nkhokwe ya kwa agogo ija. Nsima pa mbale imabwera tsiku ndi tsiku, yofanana, ana akukhuta, pomwe chimanga m'nkhokwe chikutsika. Woyang'ana mbale yokha sangadziwe kanthu. Hb ndiye nsima ya pa mbaleyo. Thupi limalolera kukokolola nkhokwe yonse mpaka pansi kuti Hb isatsike, ndiye pomwe Hb ikuyamba kugwa, dziwani kuti m'nkhokwe mwayera kale.

Nanga bwanji zimachedwa chonchi? Thupi ndi laumbombo pa ayironi, silitaya. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, likakalamba limaphwanyidwa, ayironi wake nkutengedwa kukapangira latsopano. Tsiku lililonse mamiligalamu 20 mpaka 25 amazungulira motere, omwewo omwewo. Amene amatayikiratu, kudzera m'khungu ndi m'matumbo, ndi miligalamu imodzi kapena awiri patsiku, ndipo matumbo amayamwa wochuluka chimodzimodzi kuchokera m'chakudya. Zikamayenda choncho palibe chotsika.

Tsono pakhale potayikira magazi. Mililita imodzi ya magazi imapita ndi pafupifupi theka la miligalamu ya ayironi. Mayi amene amasamba bwinobwino amataya mamililita 30 kapena 40 pamwezi, ndiye kuti ayironi 15 mpaka 20. Koma zija munkandiuza pa maliro a amalume, zoti masiku ano zikumatenga sabata yathunthu, zamabumamabuma, mpaka kudzuka usiku kukasintha, pamenepo mutha kumataya 100 kapena kuposa. Ndiye kuti ayironi 50 pamwezi. Pepani abambo a pa gulu pano, nkhani ndi ya chipatala iyi. Tiyerekeze kuti mwezi uliwonse mukupereweza 30, kutanthauza miligalamu imodzi patsiku. Nkhokwe ya 300 itenga miyezi 10 kuti ithe. Ndipo imatenga nthawi yoposa pamenepo, chifukwa thupi likaona kuti zosunga zikutha limauza matumbo kuti aziyamwa kwambiri. Limalimbana ndithu, chaka, zaka ziwiri, mpaka kugonja.

Ngakhale nkhokwe itatha, Hb siigwa ngati mwala. Maselo akale aja akadali moyo, akugwira ntchito. Patsiku amasinthidwa ochepa kwambiri, osakwana limodzi pa 100 alionse. Atsopano okhawo ndi amene amatuluka ang'onoang'ono, otuwa, a himogulobini yochepa, ndipo pamatenga miyezi kuti achuluke mpaka makina aone. N'chifukwa chake pa pepala lina lija, la kuwerenga maselo, MCV yanu, muyeso wa kukula kwa maselo ofiira, ili 72, pomwe imayenera kukhala 80 kupita m'mwamba. Maselo anu achepa msinkhu. Nalonso thupi limazolowera. Mtima umawonjezera kugunda pang'ono, inu nkumangoti ndi ukalamba, kapena ndi ntchito. Munthu wotaya magazi mwadzidzidzi pa ngozi nkufika 9.8 angachite chizumbazumba nkugwa, koma inu mwakhala mukupita ku msika wa Zomba, kusenza katundu, kungoti pa chitunda mumaima kawiri kupumira m'mwamba. Ndipo dothi lija mumagula lowotcha nkumati mukungolilakalaka, chimenecho ndi chizindikiro chodziwika cha kuchepa kwa ayironi, si cha amayi oyembekezera okha ayi.

Tsopano manambala. Feritini ndi puloteni imene imasunga ayironi m'kati mwa maselo, ndipo pang'ono imatayikira m'magazi, ndi imene timayezayo. Imatiuza zotsala m'nkhokwe. Mongoyerekeza, nambala imodzi ya feritini imaimira mamiligalamu 8 mpaka 10 osungidwa. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu ikatsika pansi pa 15 ndiye kuti zosunga zatha, ndipo madokotala ambiri amayamba kuchitapo kanthu ikangotsika pansi pa 30. Yanu ili 8. Apa palibe zokangana. Feritini yotsika sinama, ikatsika chonchi pafupifupi nthawi zonse imatanthauza kusowa kwa ayironi. Ndi imenenso imayamba kutsika zina zonse zisanasinthe. Akanaiyeza chaka chatha, ndikukhulupirira akanaipeza ili pansi kale. Koma m'zipatala zing'onozing'ono chimene chimayezedwa nthawi zambiri ndi Hb yokha, ya kubaya chala ija, ndiye sindikuloza munthu chala.

Pomwe feritini imanyenga ndi ikakhala yokwera. Thupi likakhala pa nkhondo, kaya ndi malungo, TB, kachilombo ka HIV kosagonjetsedwa bwino, matenda a chiwindi, ngakhale chilonda chamafinya, feritini imakwera yokha ngakhale ayironi mulibe. Kuno kwathu, komwe malungo sachoka, zimenezi timakumana nazo kawirikawiri. Munthu abwera wotuwa m'manja, feritini 55, wina nkuti ali bwino, chonsecho wangochira malungo sabata yatha. N'chifukwa chake mu 2020 WHO inanena kuti kwa wamkulu amene ali ndi matenda otere malire akhale 70, osati 15. Ife timayeza limodzi ndi CRP, imene imaonetsa ngati m'thupi muli kutupa, kapena timauza munthu kuti abwerenso pakatha masabata angapo atachira.

Ayironi 35 uja ndi amene ali pa ulendo m'magazi pa nthawi imene anakutengani magaziwo. Ndi wochepetsetsa, thupi lonse mamiligalamu 3 kapena 4 okha, ndipo amasinthasintha kwambiri. M'mawa amakhala wokwera, madzulo watsika. Mukamwa piritsi la ayironi nkukayezetsa patangopita maola ochepa, atuluka wokwera ngati mulibe vuto. Mukadwala malungo agwa, chifukwa chiwindi chimatulutsa chinthu chotchedwa hepisidini chimene chimatsekera ayironi m'maselo kuti tizilombo tisamupeze. Kunena zoona, munthu akandibweretsera nambala imeneyi yokha, ine sindinenapo kanthu. Imamveka ikaikidwa pambali pa inzake.

Inzakeyo ndi transiferini. Ayironi sayenda yekha m'magazi, ndi woopsa akakhala wosamangidwa, ndiye amanyamulidwa ndi puloteni imeneyi, ngati madengu otengera chimanga ku chigayo, chigayocho kukhala m'mafupa momwe magazi amapangidwira. TIBC ndi malo onse amene ali m'madengumo. Ayironi akasowa, chiwindi chimapanga transiferini wambiri kuti kalikonse kopezeka katoledwe, ndiye TIBC imakwera. Yanu ili 440, ili kumtunda. TSAT ndi masamu chabe: mutenge ayironi 35, mugawe ndi 440, muchulukitse ndi 100. Mupeza 8. Kutanthauza kuti pa malo 100 alionse onyamulira, 8 okha ndi amene muli kanthu. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 20 ndi 45, ndipo ikatsika pansi pa 16 m'mafupa simufika ayironi wokwanira kupanga maselo abwino.

Ubwino wa TIBC ndi wakuti imatithandiza kusiyanitsa. Munthu wa TB naye amachepa magazi, naye ayironi wa m'magazi amatsika, koma TIBC yake imakhala yotsika kapena yapakati, feritini ili m'mwamba. Ameneyo ayironi ali naye, wangotsekeredwa, ndipo kumupatsa mapiritsi okha sikuthandiza kwenikweni mpaka matendawo achizidwe. Zanu zonse zikuloza kumodzi: feritini pansi, TIBC m'mwamba, TSAT pansi, maselo ang'onoang'ono.

Mapiritsi a ferasi salifeti akupatsaniwo, a mamiligalamu 200, lililonse muli ayironi weniweni pafupifupi 65. Imwani monga akuuzirani, koma osatsitsira tiyi. Tiyi amamanga ayironi m'mimba, pazipita ola limodzi kapena awiri. Ndi madzi, kapena ndi bwemba, malambe, lalanje, zimalowa bwino. Chimbudzi chidzada, musadabwe. Akakuvutani m'mimba musangosiya, kauzeni adokotala, pali njira ya kumwa modumphitsa tsiku. Zija za kuwiritsa masamba a mapeyala kapena kumwa chidede poti n'chofiira ngati magazi, imwani ngati mukuchikonda, koma feritini 8 sichingaikweze. Ngakhale chiwindi, matemba a ku Chilwa ndi bonongwe, n'zabwino ndithu, koma pomwe mwafikapa chakudya chokha sichingabweze zimene zatayika.

Pakatha masabata atatu kapena anayi mukayezetsenso Hb. Tikuyembekezera ikwere ndi 1 kapena 2. Ikapanda kusuntha ndiye kuti mwina magazi akutayikabe kwambiri, kapena mapiritsi sakulowa. Ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: Hb ikafika 12, mphamvu zabwerera, amasiya. Thupi limayamba kukonza Hb, zosunga zimabwera pambuyo, ndiye mupitirize miyezi ina itatu, kenako muyezetse feritini. Patsikulo pitani m'mawa, ndipo dzulo lake musamwe piritsi ngati ayezanso ayironi ndi TSAT.

Chinthu chimene sindikufuna muchizengereze ndi kufufuza potayikira. Pitani ku Zomba Central, mukafotokoze za kumwezi zija momwe zilili, osachepetsa chifukwa cha manyazi, akakuunikeni chiberekero, poti pa msinkhu wanuwu zotupa za m'chiberekero n'zofala ndipo zimayambitsa zimenezi. Popeza mumalowa m'madzi ku munda wa mpunga ku Domasi, ayezenso mkodzo ndi chimbudzi, likodzo ndi njoka za m'mimba nazo zimaba magazi pang'onopang'ono chimodzimodzi. Alamu nawonso amve: mwamuna, kapena mayi amene anasiya kusamba, akapezeka ndi feritini yotsika chonchi, ameneyo ayenera kuunikidwa m'mimba ndi m'matumbo, asangolandira mapiritsi nkubwerera kunyumba. Mukapita Lolemba mutenge mapepala onse, la chaka chatha ndi a lerowa.