Nyimbo yotsegulira tchalitchi chatsopano: tiimbe mayina a omanga kapena ayi?

"Ndine mtsogoleri wa kwaya ndipo andipatsa ntchito yopeka nyimbo ya tsiku lopatula tchalitchi chathu chatsopano. Akomiti akufuna kuti m'mavesi mukhale mayina a anthu amene anathandiza kwambiri, makamaka bambo wina amene anagula malata onse. Koma amene anaumba njerwa ndi kutunga madzi ndi ambiri, sindingawatchule onse. Ndiipeke bwanji kuti isakhumudwitse anthu, komanso kuti mpingo wonse uthe kuimba?"

Aphunzitsi a kwaya, langizo langa ndi lakuti musaike dzina la munthu aliyense m'nyimbomo. Imbani ntchito zimene anthu anagwira, ndipo vesi lililonse lithere kwa Mulungu. Mayina ali ndi malo ake pa mwambowo, ndifikako, koma malowo si m'nyimbo.

Dzina likangolowa m'vesi, anthu amasiya kupembedza n'kuyamba kuwerenga. Aliyense amadikira kuti amve ngati lake lilimo, ndipo mayi amene anasenza madzi chilimwe chonse akamva dzina la wogula malata koma lake ayi, amatuluka ndi chilonda chimene simudzachiona tsikulo. Palinso vuto lina. Nyimbo ya mayina imafa tsiku lomwelo, chifukwa pakapita zaka anthu ena amasamuka, ena amakangana ndi mpingo, ndipo palibe amene angaiyambitsenso pa tsiku lokumbukira.

Akomiti akakuuzani kuti ngakhale Baibulo limatchula omanga, akunena zoona. Nehemiya 3 ndi mndandanda wa amene anakonza linga la Yerusalemu, chigawo ndi chigawo, mpaka ana aakazi a Salumu amene anagwira ntchito pamodzi ndi bambo wawo. Koma umenewo ndi mndandanda wolembedwa. Tsiku lopatula lingalo, pa Nehemiya 12, panali magulu awiri akuluakulu a oimba oyamika Mulungu, akuyenda pamwamba pa linga. Pa Ezara 3:11, maziko a Kachisi atayalidwa, zimene anaimba molandizana zinali zakuti Mulungu ndi wabwino ndipo chifundo chake n'chosatha. Mayina analembedwa, nyimbo inapita kwa Mulungu. Inunso chitani chimodzimodzi.

Musanalembe mzere uliwonse, khalani pansi ndi mlembi wa komiti yomanga, kenaka padera ndi amayi, ndiponso achinyamata. Afunseni funso limodzi: ndi ntchito ziti zinagwiridwa kuchokera tsiku lolambula malo kufikira lopaka utoto? Buku la komiti limasunga ndalama ndi matumba a simenti, koma silisunga amene ankaphikira amisiri kapena mnyamata amene ankagona pamalopo kulondera zitsulo. Zimenezo mudzazimva kwa amayi ndi achinyamata. Mukazisonkhanitsa muziike m'magulu anayi: ntchito ya manja, luso la amisiri, zopereka, ndi amene anamwalira ntchito ili m'kati. Gulu lililonse likhale vesi limodzi.

Yambani ndi kolasi, chifukwa ndiyo imene mpingo wonse udzaimbe. Ine ndingaimange pa pemphero la Davide la pa 1 Mbiri 29:14, pamene anthu atapereka zomangira Kachisi iye anavomera kuti zonse zimachokera kwa Mulungu, ndipo iwo angomubwezera zake zomwe. Nachi chitsanzo changa, mungathe kuchisintha:

Nyumba ino njanu, Mbuye,
manja athu angobweza
zomwe Inu mwatipatsa.
Lowanimo, khalanimo.

Tsopano werengani maphatikizo ndi zala: nyu-mba-i-no-nja-nu-Mbu-ye. Ndi 8, ndipo mizere yonse inayi ili ndi 8. Ndasankha dala chiwerengerochi. M'Chichewa, phatikizo lotsatizana ndi lomaliza ndilo limakokedwa, makamaka kumapeto kwa chiganizo: timati MBU-ye, angoBWE-za. Mzere wa maphatikizo 8 woyenda mogunda, kupepuka, kugunda, kupepuka umalola kuti kugunda kwa ng'oma kugwere pa phatikizo loyamba, lachitatu, lachisanu ndi lachisanu ndi chiwiri, pomwe mawu athu amafuna. Mukatenga maimbidwe amene mzere wake umathera pa kugunda kwamphamvu, mpingo umakakamizika kuimba MbuYE, ndipo khutu limamva kuti pali chinachake chopotoka ngakhale munthu sangathe kuchitchula.

Chiwerengero chokha sichikwanira. Onani mzere uwu: "Bwerani, mukhale nafe." Uli ndi maphatikizo 8 ndithu, tanthauzo lake n'labwino, koma ombani m'manja pouyankhula. Pakamwa pakufuna bweRAni muKHAle, pamene manja akugunda pa bwe, pa ni, pa kha ndi pa na. Mawu oyambawo akulimbana ndi ng'oma. N'chifukwa chake pamapeto pa kolasi ndaika "Lowanimo, khalanimo", pamene ni aliyense akugwera pa kugunda. Samalaninso ndi m amene amaima yekha, monga wa mu "mchenga" kapena "m'mawa". Poimba amatenga malo akeake, choncho "mchenga" ndi maphatikizo 3, osati 2. Opeka ambiri amamuiwala, kenaka kwaya imameza mawu pofuna kuti mzere ukwanire.

Vesi loyamba likhale la ntchito ya manja, ndipo ndikulimbikira kuti likhaledi loyamba, chifukwa anthu amenewa ndi amene kawirikawiri amatchulidwa pomaliza, nthawi itatha.

Kusanache anadzuka
kukatunga, kukasenza;
ena dothi anaponda.
Mphamvu zonse n'zanu, Mbuye.

Palibe dzina, koma aliyense amene anaponda dothi mpaka mapazi kung'aluka adzadzimva yekha, ndipo oyandikana naye adzamuyang'ana. Ngati kwanu ophika anali ambiri, mzere wachitatu ungakhale "ena moto anasonkha", umene ukukwanira ophika ndi ootcha njerwa omwe. Pewani mawu ngati "anagwira ntchito molimbika". Akhoza kunena za munthu aliyense pa ntchito iliyonse, ndiye sakhudza aliyense. Tchulani chimene manja anachita.

Vesi la amisiri ndi la zopereka ayende chonchi:

Amisiri anayeza,
khoma lonse n'kuongoka;
denga nalo anakhoma.
Nzeru zonse n'zanu, Mbuye.

Chuma chawo anatula,
wosauka, wolemera;
Inu nokha mukudziwa.
Chuma chonse n'chanu, Mbuye.

Mwaona kuti mzere wachinayi umangosintha pang'ono: mphamvu, nzeru, chuma. Uwu ndiwo msana wa nyimbo yonse. Mizere itatu imalemekeza anthu, wachinayi umabweza ulemuwo kwa mwini wake, monga Eksodo 31 amanenera kuti luso la Bezaleli, mmisiri wa chihema, linachokera kwa Mulungu. Umathandizanso pa kaimbidwe: kwaya iimbe mizere itatu, mpingo ulandire wachinayi n'kulowa mu kolasi. Munthu amene sanabwere ku maphunziro a nyimbo adzakhala atagwira pofika vesi lachiwiri.

Bambo wa malata uja ali m'nyimbomo kawiri, pa denga ndi pa chuma. Mukamafotokozera akomiti, asonyezeni zimenezo. Ndipo "wosauka, wolemera" musawachotse ngakhale wina atadandaula, chifukwa pa Marko 12 Yesu anayamikira mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri kuposa olemera amene anaponya zambiri. Nyimbo ya m'tchalitchi singasanje anthu motsutsana ndi zimenezo.

Vesi lomaliza ndi lovuta, ndipo musalisiye. Tchalitchi chimatenga nthawi kumanga, ndipo nthawi zambiri pamakhala ena amene anayamba nawo koma sanafike pa tsikuli. Abale awo adzakhala pomwepo. Pa Ezara 3:12-13 okalamba amene anaona Kachisi woyamba analira mokweza pamene ena ankafuula mokondwa, moti phokoso la kulira ndi la chimwemwe silinkasiyanitsika. Tsiku lanu lidzakhalanso ndi zonse ziwiri, ndipo nyimbo iyenera kupereka mpata.

Ena lero sali nafe:
anakumba mazikowa
koma denga sanaone.
Moyo wonse ngwanu, Mbuye.

Pa vesi ili ng'oma ndi zisekese zileke, liwiro litsike pang'ono, aimbe mawu amodzi popanda kugawa. Musalipatse munthu woimba yekha amene wataya m'bale wake posachedwa, ngakhale atapempha, chifukwa mawu angamuthere pakati. Kolasi yomaliza ibwere ndi ng'oma zonse.

Nanga mayina? Pemphani kuti pa ndondomeko ya mwambo pakhale nthawi yoti mlembi awerenge. Awerenge potsata ntchito: otunga madzi, oumba, amisiri, opereka, omwalira, popanda kutchula kuchuluka kwa zimene munthu anapereka. Akamaliza gulu limodzi, mpingo uyankhe ndi mzere wachinayi wa vesi lake. Mndandandawo uyambe wawerengedwa pa mapemphero a sabata ziwiri zapambuyo, kuti amene waiwalika aonjezeredwe mwambo usanafike. Pepala limakonzeka mosavuta, pamene nyimbo imene kwaya yaloweza kale ndi yovuta kuisintha.

Maimbidwe ake muwatenge pa kayankhulidwe. Yankhulani mzere uliwonse mokweza kangapo, mumve pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika, ndipo nyimbo itsate njira yomweyo, makamaka pa mawu ofunika monga "sanaone". Isakwere kwambiri: kuchokera pa liwu lotsikitsitsa kufika pa lokwezetsa pasapitirire masitepe 8, kuti agogo ndi ana afike. Mukamaliza, itanani anthu awiri kapena atatu amene sanaone pepala, kwaya iwaimbire kamodzi ataima patali, kenaka anene zimene amva. Mzere umene aumva molakwika ndiwo wofunika kuukonza, ngakhale mutaukonda bwanji.

Dziwaninso nthawi imene idzaimbidwe. Vesi limodzi ndi kolasi yake zimatenga pafupifupi masekondi 45 pa liwiro la kuyenda, ndiye nyimbo yonse ndi mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono. Ngati ndi ya polowa chitseko chikatsegulidwa, khamu silingathe kulowa lonse m'mphindi zitatu. Musaonjezere mavesi. Bwerezani kolasi mpaka anthu atakhala pansi, ndipo mavesiwo muwayambe onse ali m'kati, chifukwa amene akupanikizana pakhomo sangamve vesi lonena za iwo. Yesereranimo m'nyumba yatsopanoyo kamodzi tsiku lisanafike. Nyumba ya makoma osalala ndi denga la malata imabweza mawu kwambiri, ndipo mukapeza kuti mizere ikugundana, chepetsani liwiro ndi kuchotsako ng'oma imodzi.