Lipoti lati achimwene sanayesetse pa mayeso a ubongo, ndiye kuti akunama?

"Achimwene anga anagundidwa ndi tekisi ku Rosettenville zaka ziwiri zapitazo. Anakomoka mwina maminitsi khumi, anagona kuchipatala usiku umodzi, sikani inati mmutu mulibe magazi. Chichokereni amaiwalaiwala, mutu suwasiya, ntchito ya ugadeni anasiya. Loya wa kileimu ya RAF, thumba la boma lolipira ovulala pa ngozi zapamsewu kuno ku Joni, anawatumiza kwa saikolojisiti, tsiku lonse akuyesedwa, ndiye lipoti labwera likuti zotsatira sizodalirika chifukwa sanayesetse. Pa tesiti ya zithunzi yotchedwa TOMM apeza 31 kenako 34 pa 50, ya manambala apeza 5. Sukulu analekera Sitandade 5 ndipo womasulira anali wachizulu. Ine ndimakhala nawo nyumba imodzi, munthuyu sali bwino. Amadziwa bwanji kuti munthu sakuyesetsa?"

Achemwali, zikomo kuti mwatumiza ndi manambala omwe, ambiri amangoti "adokotala atinyoza" basi, ndiye umasowa poyambira. Ine ndakhalapo womasulira mzipinda zoyezera zimenezi kuno ku Joni, ndiye ndikuuzani mmene zimayendera, ndipo zina sizikusangalatsani.

Vuto la saikolojisiti ndi lakuti iye alibe makina ojambula kukumbukira. Mwendo wothyoka ekiseleyi imaonetsa kaya mwini wake afune kaya asafune. Koma kukumbukira amakuyeza pokufunsa, ndipo ukati "ndaiwala" iye sangalowe mmutu mwako kukaona ngati ndi zoona. Malikisi otsika atha kuchokera ku ubongo wovulala, athanso kuchokera kwa munthu amene wangotaya mtima kapena akufuna aoneke wodwala kwambiri. Nchifukwa chake pakati pa mayeso enieniwo amalowetsamo ena omwe ntchito yake nkuona ngati malikisi a tsikulo nkuwakhulupirira.

TOMM ndi imodzi mwa amenewa, anaitulutsa Tom Tombaugh mu 1996. Amakuonetsa zithunzi 50 za zinthu wamba, chimodzichimodzi, kenako amakupatsa ziwiriziwiri, china unachiona china chachilendo, iwe ungoloza. Akakufunsa amakuuza pompo ngati wakhoza kapena ayi, ndiye nkubwerezanso zithunzi zomwezo kachiwiri. Ukamva kuti zithunzi 50 umaona ngati chintchito, koma kuzindikira chinthu chomwe unachionapo nkosavuta kwambiri kusiyana ndi kuchikumbukira wekha. Ngati ku Park Station, munthu wakumudzi kwanu dzina litakuthawa koma nkhope waidziwa kale patali. Ndiye anthu ambiri ovulaladi mmutu, ngakhale omwe anagona masabata osadzidziwa, ulendo wachiwiriwo amakhoza pafupifupi zonse. Chinsinsi chake nchomwecho, imaoneka yovuta pomwe ndi yophweka.

Tsopano tiyeni tione 34 ya achimwene. Munthu wotseka maso, wongoloza mwachisawawa pa zinthu ziwiri, amakhoza cha mma 25 pa 50, ngati kuponya ndalama mmwamba. Kupeza 18 kapena kutsika apo mongolota kumachitika mwina katatu pa maulendo 100. Ndiye wina akapeza 12, asaikolojisiti amati uyu yankho amalidziwa ndipo amalizemba dala, chifukwa kuti uphonye kwambiri chonchi uyenera kudziwa cholondola nchiti. Umenewo ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse pa ntchitoyi, koma suchitikachitika. Achimwene sali pamenepo, ndipo ichi nchofunika muchigwire. 34 ili pamwamba pa kulota, koma ili pansi kwambiri pa pomwe anthu ovulala kuposa iwowo amafika. Malikisi oterewa amangonena kuti tsiku limenelo munthuyu anachita mochepera mphamvu zake. Koma chomwe chinachititsa sanena ayi. Nambala siiona mumtima.

Chomwe chinamukayikitsa kwambiri saikolojisiti, ndikuganiza ine, ndi kukula kwa ngoziyo poyerekeza ndi malikisi. Kukomoka kosapitirira maminitsi 30, kusokonezeka mutu kosapitirira maola 24, sikani yoyera, madokotala amakuika mgulu la kuvulala mutu pang'ono, ndipo ambiri a mgulu limeneli kuganiza kwawo kumabwerera pakatha miyezi itatu kapena cha pamenepo. Sindikuti mutu suwawa, utha kuwawa zaka. Koma kavulalidwe kotere sikafufuta mphamvu yozindikira chithunzi chomwe waona kawiri mphindi zochepa zapitazo. Munthu amene waitayadi mphamvu imeneyo kawirikawiri amakhala wa matenda oiwala aakulu aja a dimenshiya, woti sungamusiye yekha, amasochera pa geti pake pomwe. Ndiye woyeza amafunsa mafunso ooneka ngati macheza, mwabwera ndi ndani, mwakwera chiyani, munadya chiyani mmawa. Ngati achimwene anafotokoza bwinobwino kuti anakwera tekisi mpaka mtauni, nkusintha ina, chenji anawerenga okha, kenako nkulephera zithunzi, zinthu ziwirizi sizigwirizana ndipo amalemba.

Amaonanso kapangidwe ka kulepherako. Ubongo wovulala umalephera mwadongosolo, zophweka umakhoza, zovuta umagwa, ukaupatsa kachithandizo ngati kusankha pa ziwiri umachita bwinoko. Zikatembenuka, munthu nkukumbukira yekha mau asanu ndi awiri pa mndandanda koma ukamuwerengera mau omwewo akuti sanawamvepo, kapena wakhoza samu yovuta nkuphonya yamwana wa Sitandade 1, ndiye kuti pali china osati bala.

Koma pa 5 ya manambala ija ine ndingakangane nawo. Pamenepo amakuwerengera manambala iwe nkubwereza, kenako ena nkuwabwereza chobwerera mmbuyo. Amatenga mzere wautali womwe wakhoza maulendo onse awiri chamtsogolo nkuphatikiza ndi wa chammbuyo, ndiye 5 itha kukhala atatu ndi awiri. Ndi yotsikadi, ambiri amakayikira kuyambira 6 kapena 7 kutsika. Kungoti tesiti imeneyi sinapangidwire kugwira osayesetsa, inali ya kutchera khutu, ndipo imakhudzidwa ndi sukulu. Malire akewo anawapeza makamaka pa anthu a ku Amereka olankhula Chingerezi, opita kusukulu zaka zambiri. Manambala enieniwo si vuto kwenikweni poti ife timawerenga mchizungu kale, faifi, seveni, palibe amati zisanu ndi ziwiri pa foni. Vuto ndi malangizo. Ndinaonapo bambo wina wachikulire atauzidwa kudzera mwa womasulira wa chilankhulo china kuti abwereze chammbuyo, iwo anamva ngati awerenge motsika, naini, eyiti, seveni, ndipo anagwa zonse mpaka wina anazindikira kuti sanamvane. Chizulu cha achimwene chogulira tomato ku Jeppe si Chizulu chomvera malangizo a tesiti kwa maola asanu.

Apa mpomwe pali lamulo lomwe loya wanu ayenera kulidziwa. Malire a mayesowa amawaika moti mwa odwala enieni khumi, wogwa molakwika asapitirire mmodzi. Mmodzi pa khumi si wochepa, ndipo ukamuyesa munthu mayeso otere asanu ndi limodzi, kugwa amodzi sizachilendo ngakhale kwa woyesetsa. Nchifukwa chake akatswiri sagamula ndi tesiti imodzi, amafuna ziwiri kapena kuposa, zosiyana mtundu, zomwazika tsiku lonse osati zonse mmawa. Pa zomwe mwanditumizira pali ziwiri, koma imodzi ndi yotsimphina chifukwa cha sukulu ndi chilankhulo. Yazithunziyo ndiye yovuta kuitsutsa, mau mulibe ambiri, ngakhale nayonso ili ndi funso lake, kodi zojambulazo zinali zinthu zoti munthu wokulira kumudzi amazidziwa, nanga maso awo amaona bwino kapena magalasi anatsala kunyumba. Funsani ngati panali mayeso ena otere omwe anakhoza. Lipoti labwino limatchula onse, okhoza ndi olephera omwe.

Chomwe sindingakunamizeni nchakuti kuwawa kwa mutu kapena kukhumudwa pakokha kawirikawiri sikumugwetsa munthu mpaka 34. Anthu ambiri ovutika maganizo amakhoza TOMM bwinobwino. Chomwe ndachiona kwambiri ine ndi ichi, munthu wadikira zaka, ndalama zatha, abwana anamuchotsa, aliyense akuti sikani ilibe kanthu ndiye ukudwala chiyani, ndiye tsiku la mayeso amaganiza kuti ndikakhoza anena kuti ndili bwino andimana. Amayamba kukayika dala pomwe akudziwa, kuloza mosasamala, kunena msanga kuti sindikudziwa. Mwini wake sadziona ngati wabodza, akungofuna amvedwe. Enanso amachita kunong'onezedwa ndi anzawo pa benchi podikirira kuti "kumeneko usakachenjere". Malangizo amenewo apweteketsa anthu ambiri, chifukwa zotsatira zikakhala zosadalirika malikisi onse a tsikulo amatayidwa, ngakhale aja akanaonetsa vuto lenileni. Munthu amatsala opanda umboni uliwonse.

Ndiye werenganinso mau enieni a lipotilo. Kunena kuti zotsatira sizodalirika nkosiyana ndi kunena kuti munthu akunamizira matenda. Kuti afike pa chachiwiricho, njira zomwe akatswiri amatsata, zomwe Slick ndi anzake analemba mu 1999 nkudzakonzedwanso mu 2020, zimafuna pakhale phindu looneka ngati ndalama za kileimu, pakhale umboni wa mayeso, komanso pasakhale matenda kapena chifukwa china chokwanira kufotokoza kulepherako. Gawo lomalizali ndi pomwe sukulu, chilankhulo ndi mankhwala zimalowera. Ngati anamwa mapilisi amphamvu a ululu kapena ogonetsa mmawa umenewo, kapena anadzuka folo koloko osadya kanthu, ziyenera kuoneka mu lipoti, zikapanda kuoneka loya afunse.

Pemphani loya kuti afunse za kuyezedwanso patapita miyezi, ndi womasulira wa Chichewa, koma asakhale inuyo kapena wachibale aliyense, wachibale amathandiza mosadziwa ndipo mbali inayo idzakana lipotilo. Nyamulani makadi onse a kuchipatala makamaka a tsiku la ngozi, kalata ya abwana akale yonena mmene ankagwirira ntchito kale ndi mmene anasinthira, ndipo inuyo muyambe kulemba mkope zomwe mukuona ndi madeti ake, tsiku lomwe anasiya mbaula yoyaka, tsiku lomwe anasochera pobwera kutchalitchi. Kwa achimwene musawaphunzitse za zithunzi izi, sizithandiza, mayeso ndi ambiri ndipo ena amabisala mkati mwa anzawo moti simungawadziwe. Ingowauzani kuti akakhoze chilichonse chomwe angathe, akapanda kumva akafunse, akatopa anene apume. Ndipo mutu wowawawo ndi kusagona apite nazo kukiliniki sabata ino, zimenezo sizifunika kudikira loya.