Zolankhula pa ukwati: kuyamikira awiri amene anasankhana chifukwa cha khalidwe

"Abale ndithandizeni. Mchemwali wanga akupanga ukwati Loweruka likubwerali ndipo andisankha kuti ndikalankhule ku holo m'malo mwa banja lathu. Ndikufuna ndikawayamikire iye ndi alamu anga kuti anakondana chifukwa cha khalidwe, osati maonekedwe. Andipatsa mphindi zisanu. Ndikayambe bwanji, nanga ndikanene chiyani?"

Achimwene, mutu mwasankhawu ndi wabwino koma uli ndi msampha umodzi waukulu, ndipo mukauzemba umenewu zina zonse n'zosavuta. Mukangonena kuti "awiriwa sanayang'ane nkhope," holo yonse imamva kuti pali nkhope ina imene sinali yoyenera kuyang'anidwa. Anthu amatembenuka kuyang'ana kutsogolo, kufuna kuona kuti wonyansayo ndi ndani. Kumbukirani kuti mchemwali wanuyo wadzuka m'bandakucha kukakonzedwa tsitsi ndi kudzoledwa, wavala diresi limene walisankha kwa miyezi, ndipo alamu anu ali mu suti yatsopano. Limeneli ndi tsiku limene onse awiri akufuna kuuzidwa kuti atchena. Choncho musakakane kukongola kwawo. Kuvomerezeni kaye momveka, kenako muonetse kuti pansi pa kukongolako pali china chimene chinawagwirizanitsa.

N'chifukwa chake mawu oti "ngakhale" musawalole kulowa m'chiganizo chilichonse chokamba za thupi la munthu. "Ngakhale ndi wamfupi, anamukonda." "Ngakhale si woyera khungu, ali ndi mtima wabwino." Wolankhulayo amaganiza kuti akuyamikira, koma chimene chimatsala m'makutu mwa anthu ndi theka loyambalo, ndipo wojambula vidiyo wajambula kale. Msinkhu, kunenepa kapena kuonda, khungu, dazi, chipsera, ulumali, kusiyana zaka: zonsezi musazitchule, ngakhale kunyumba mumaseka nazo. Nthabwala ya pa khonde imasanduka chipongwe ikadutsa pa maikolofoni pamaso pa apongozi.

Chenjeraninso ndi mwambi umene umabwera msanga m'mutu pa nkhani ngati iyi, uja wakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu ndi wochenjeza, si woyamikira. Pa tsikuli munthu wokongola kuposa onse mu holomo ndi mkwatibwi, ndiye mukaunena, nkhuyu imene anthu akuiona ndi iyeyo. Usiyeni ku chilangizo.

Tsono ntchito yeniyeni ili sabata ino, musanalembe liwu lililonse. Khalidwe silitamandidwa ndi mndandanda wa mawu okoma. "Ndi waulemu, wodzichepetsa, wachikondi, woopa Mulungu" amanenedwa pa ukwati uliwonse, ndipo anthu akamamva amapitiriza kutsegula zakumwa. Chimene chimakhalitsa anthu chete ndi kankhani ka chinthu chimene munthuyo anachita. Muimbireni mchemwali wanu payekha, kenako alamu anu paokha, muwafunse funso limodzi lomweli: "Ndi tsiku liti limene anachita chinthu chimene chinakupangitsa kunena kuti uyu ndiye ndimanga naye banja?" Musafunse kuti "umamukonderanji," chifukwa yankho lake limakhala lakuti "ndi wabwino basi." Akayankha mwachidule, funsaninso: kunali kuti, anachita chiyani kwenikweni, iwe unamva bwanji. Ngati mmodzi akuchita manyazi, ankhoswe ndi anzawo apamtima amadziwa zambiri.

Pa nkhani zimene mwatolazo musankhe ziwiri zokha, imodzi ya mkwati, imodzi ya mkwatibwi, zotalika mofanana. Apa ndi pamene olankhula a kuchikazi amalakwitsa kawirikawiri: amathera mphindi zinayi pa mwana wawo, mkamwini n'kumupatsa chiganizo chimodzi, a kuchimuna n'kubwerera kwawo akudandaula kuti mwana wawo wangotengedwa ngati mlendo. Komanso mutu wanu ndi wakuti aliyense anaona khalidwe la mnzake, ndiye nkhani ya alamu anu ikhale yoonedwa ndi maso a mchemwali wanu, ndipo ya mchemwali wanu ikhale yoonedwa ndi maso a alamu anu. Mukatero simukuwayamikira monga anthu awiri abwino chabe, mukuwayamikira kuti anadziwa poyang'ana.

Nkhani iliyonse muiyese ndi mafunso atatu. Kodi mwiniwake wavomera kuti inenedwe pagulu? Kodi pali wina mu holomo amene achite nayo manyazi? Kodi ikhoza kunenedwa m'ziganizo zinayi kapena zisanu? Nkhani za matenda, ngongole, kuchotsedwa ntchito kapena umphawi wa kubanja zimaonetsa khalidwe bwino kwambiri, koma ndi zomwenso zimapweteka, choncho popanda chilolezo musazikhudze. Za zibwenzi zakale ndiye ayi ndithu. "Panali anyamata ambiri ooneka bwino amene ankamufuna koma anasankha uyu" ndi chiganizo chonyoza mkwati ndi kuchititsa manyazi mkwatibwi nthawi imodzi.

Ngati banja lanu ndi lachikhristu ndipo mukufuna vesi, ambiri amathamangira ku Miyambo 31:30, pamene pamati kukongola n'konyenga koma mkazi woopa Yehova ndiye adzatamandidwa. Vesilo likukamba za mkazi yekha, ndiye mukaliwerenga lokha zimamveka ngati phunziro lonse ndi la mkwatibwi. Loyenera onse awiri ndi 1 Samueli 16:7, pamene Samueli anauzidwa kuti munthu amayang'ana zooneka ndi maso koma Yehova amayang'ana mumtima. Pali kanthu kena kokoma m'chaputala chomwecho: pa vesi 12, Davide amene anasankhidwayo akufotokozedwa kuti anali wooneka bwino. Ndiye kuti kusankhidwa chifukwa cha mtima sikutanthauza kuti nkhope ndi yoipa, ndipo imeneyi ndiyo mfundo yanu. Vesi limodzi ndi lokwanira, ulaliki abusa achita kale ku tchalitchi.

Pa mphindi zisanuzo konzekerani zitatu ndi theka. Zotsalazo zimadyedwa ndi kuyenda kupita kutsogolo, nthungululu ndi kuseka kwa anthu. Ndipo madyerero athu mukuwadziwa: akwati akachedwa kojambulitsa, pulogalamu imapanikizika, ndipo MC amayang'ana nthawi ya perekaniperekani, osati ya zolankhula. Theka la mphindi likhale la malonje ndi kudzitchula, theka lina kuyamikira mmene aonekera, mphindi imodzi nkhani ya mkwati, ina nkhani ya mkwatibwi, theka lomaliza kumanga mfundo ndi kuwafunira mafuno abwino.

Nachi chitsanzo. Nkhani ziwiri zili m'katimu ndi zongoyerekeza, muzichotse n'kuikamo zanu zenizeni:

"Abusa ndi akuluakulu a mpingo, makolo a mbali zonse ziwiri, ankhoswe, alendo athu nonse, ndakulonjerani. Ine ndine mlongo wake wa mkwatibwi, ndipo ndaimirira m'malo mwa banja lathu.

Choyamba tayang'anani kutsogoloku. Kodi si okongola awa? Amayi, nthungululu zili kuti?

Zimene mukuonazi tonse tikuziona. Ine ndikufuna ndikuuzeni zimene awiriwa anaonana, zimene kamera singajambule.

Ndinamufunsa mchemwali wangayu kuti anatsimikiza liti za alamu angawa. Sananene za suti kapena galimoto. Anati tsiku lina anapita limodzi kumudzi kukaona agogo athu, ndipo anapeza denga la khitchini likudontha. Alamu anali mlendo, akanatha kukhala pa mpando n'kumadikira nsima. Koma anavula nsapato, anapempha makwerero, n'kukwera pamwamba. Akuti pamene ankatsika, manja ali bii, iye mumtima anali atavomera kale.

Alamu nawo ndinawafunsa. Anati tsiku lina pa msika mayi wogulitsa tomato anamubwezera mchemwali wangayu chenji chopitirira. Anazindikira atafika kale pa siteji, minibasi itatsala pang'ono kudzaza. Anatsika, anabwerera, anakapereka ndalamayo. Alamu akuti anaganiza kuti munthu amene sangadye za mayi wa tomato sangadzandibisire kanthu m'nyumba.

Mwamva nokha. Awiriwa Mulungu anawapatsa nkhope zabwino, koma aliyense anadikira kuti aone mtima wa mnzake. Alamu, banja lathu lakulandirani ndi manja awiri. Kwa makolo a kuchimuna, zikomo potilerera mwana wotere. Mchemwali wanga, watinyaditsa. Mulungu adalitse nyumba yanu. Zikomo."

Taonani mmene chitsanzochi chayendera. Palibe pamene patchulidwa mawu oti "wolimbikira ntchito" kapena "wokhulupirika," koma aliyense wamva zimenezo mu denga lija ndi mu chenji chija. Kukongola kwatchulidwa kawiri, koyamba ndi komaliza, ndipo konse kwavomerezedwa. Mawu oyamikira makolo a mkwati musawadumphe: mukatamanda khalidwe la munthu, mwatamanda amene anamulera, ndipo iwo ali pompo akumvetsera. Ngati mmodzi mwa akwatiwo analeredwa ndi azakhali, agogo kapena amalume, fufuzani msanga kuti mutchule oyenera. Mndandanda wa malonje nawonso mufunse kwa MC kapena wapampando wa komiti, chifukwa ngati pali mfumu kapena mlendo wolemekezeka n'kumulumpha, zimakambidwa kuposa zonse zimene mwalankhula.

Malangizo a m'banja asiyeni. Zakuti mkazi azigonjera, mwamuna azibwera msanga kunyumba, tikufuna zidzukulu chaka chamawa, zimenezo zili ndi eni ake, ankhoswe ndi alangizi, ndipo zanenedwa kale. Mukaziphatikiza, kuyamikira kwanu kumasanduka kukayikira, ngati kuti khalidwe mwangolitamalo simukulikhulupirira.

Mukalemba, werengani mokweza katatu mukudzitchera nthawi pa foni, ndipo kamodzi muwerengere munthu wamkulu wa kubanja amene sangakunyengerereni. Mufunseni chinthu chimodzi: pali pamene pakumveka ngati ndikunena kuti wina ndi wosaoneka bwino? Akangokayikira chiganizo, chichotseni, musachikonze. Pa tsikulo musawerenge pa foni, imazima pakati pa chiganizo ndipo mumayamba kuisisita anthu akudikira. Lembani pa kakhadi mitu isanu yokha ndi zilembo zikuluzikulu: malonje, kukongola, nkhani ya alamu, nkhani ya mchemwali, mafuno. Maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa, ndipo mupemphe DJ azimitsiretu nyimbo, chifukwa nkhani ngati izi sizimveka pamwamba pa zoimba. Pokamba nkhani ya alamu yang'anani anthu, pofika pa mawu omaliza tembenukirani kwa akwatiwo. Misozi ikabwera imani, pumani, anthu adzaomba m'manja okha, kenako pitirizani.

MC akakunong'onezani kuti nthawi yatha musanafike pakati, dulani vesi ndi malonje aataliwo, mungoti "akuluakulu nonse, ulemu wanu." Nkhani ziwiri zija zokha musadulepo imodzi, zinenedwe zonse ngakhale mwachidule.