Ntchito yanditopetsa koma abale onse akuyang'ana ine

"Ndithandizeni nzeru abale. Pabanja pathu wogwira ntchito ndine ndekha, ntchitoyo sindiikonda olo pang'ono, kukamacha mtima umangoti phaa. Koma mayi, azing'ono anga ndi ana a malemu achemwali onse akudalira ine. Ndisiye kapena ndipirire?"

Achimwene, kalata yosiya ntchito musalembe kaye, makamaka tsiku loti abwana akuyankhulani zopweteka. Chikukupanikizani kwambiri si ntchitoyo payokha, ndi zoti mulibe pothawira, salale ikangolowa foni yayamba kulira ndiye pofika pa 10 mwatsala manja okha. Munthu amene ali ndi ndalama yodyera miyezi 3 amapirira bwana wovuta mosiyana ndi amene alibe kalikonse.

Ndiye tiyeni tiwerengere. Gawani salale yanu magawo 10. Tiyerekeze kuti 5 ndi a lendi, chakudya ndi thiransipoti yanu, 2 ndi a abale, 1 ndi la matenda ndi zina zadzidzidzi, 2 otsalawo mukusunga ku akaunti ina yoti palibe akuidziwa. Kuti inu ndi abale mudutse mwezi pakufunika magawo 7, miyezi 3 ndi magawo 21, ndiye mukamasunga 2 pamwezi mufikapo m'miyezi 11. Ndi yambiri inde, koma tsopano muli ndi tsiku loti muziliyang'anira, ndipo m'miyezi imeneyo muzitumiza ma kalata ofunsira ntchito kwina, paja olemba ntchito amakhulupirira msanga munthu amene ali kale pantchito. Onaninso kontirakiti yanu kuti notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji komanso mungataye chani mukasiya nokha.

Povuta ndi pa magawo 2 a abale aja. Musamatumize aliyense akaimba, tumizani kamodzi pamwezi, tsiku lodziwika, kwa munthu mmodzi woti azigawa, ndipo muwauziretu kuti ikatha yatha mpaka mwezi wamawa. Mankhwala a mayi ndi fizi ya ana zikhale patsogolo, koma mng'ono wanu wa zaka 25 wamphamvu zake amene akupempha ya mayunitsi, ameneyo sali gulu limodzi ndi ana amasiye. Adzanena kuti mwayamba kunyada, adzanenadi, mwezi woyamba ndi wachiwiri mudzamva zambiri kenako amazolowera. Chimene sindingakulangizeni ndi kutenga katapila kapena adivansi kuti musamveke woipa, chifukwa ngongoleyo ndi imene imakumangirirani pa ntchito yomwe mukudana nayoyo.

Za mtima kuti phaa zija musazitenge mopepuka. Ngati papita masabata 2 tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma, mutu ukungowawa kapena mwayamba kumwa kuti mugone, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndipo mukawafotokozerenso za nkhawazo, BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza imafuna chithandizo. Maganizo oti bola kungofa akabwera musadikire masabata amenewo, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite tsiku lomwelo.